Konkire ya mabesi ndi mapilala ozungulira: kodi matumba 44 a simenti sanachuluke?

MwiniGolosale

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za zomangamanga. Ndikumanga khonde lalikulu kutsogolo ndi m'mbali mwa golosale yanga, ndipo denga lake la malata lidzakhala pa mapilala ozungulira asanu ndi atatu, olumikizidwa pamwamba ndi ring'i bimu. Pa pulani alemba kuti pilala lililonse likhale pa besi lakelake, la mamilimita 900 mbali zonse ndi mamilimita 300 kuchindikala kwake. Mapilalawo tiwaumbira m'mapaipi a pulasitiki a mamilimita 250, ndipo kutalika kwake kuchokera pamwamba pa besi kufika pansi pa bimu ndi mamita 3.2, kuphatikizapo mamita 0.6 amene adzakwiririke m'nthaka. Maenje akumbidwa kale.

Mmisiri wanga akuti mabesi ndi mapilala okhawo, osawerengera bimu, afuna konkire yokwana makyubiki mita pafupifupi 7, ndipo wandiuza kuti ndigule matumba 44 a simenti. Ine ndikayang'ana mapaipi aja ali gone pabwalo sindikuona kumene konkire yonseyo ikalowe. Sindikufuna kumuganizira zoipa munthuyu chifukwa ndi amene anandimangira golosaleyo ndipo palibe chimene chinasowapo, koma ndikufuna kudziwa kawerengedwe kake ndisanapite kokagula.

MphunzitsiWaMasamu

Mwachita bwino kutipatsa miyeso yonse, chifukwa funso lanu likuyankhika popanda kulota. Tisinthe kaye miyeso yonse ikhale m'mamita. Besi limodzi ndi 0.9 × 0.9 × 0.3, zomwe zikupereka 0.243, ndipo mabesi asanu ndi atatu akukwana makyubiki mita 1.944. Pilala lozungulira timaliwerengera potenga theka la kukula kwa pakamwa pa paipi, lomwe pano ndi 0.125, kulichulukitsa lokha, kuchulukitsanso ndi 3.14, kenaka ndi kutalika. Choncho 3.14 × 0.125 × 0.125 × 3.2 ikupereka 0.157 pa pilala limodzi, ndipo onse asanu ndi atatu ndi 1.256. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza makyubiki mita 3.2, osati 7.

Ndayesa kufufuza kumene 7 uja wachokera ndipo ndikukhulupirira kuti ndakupeza. Munthu akaiwala kugawa pakati kukula kwa paipi, n'kulemba 3.14 × 0.25 × 0.25 × 3.2, amapeza 0.628 pa pilala limodzi, mapilala onse n'kukwana 5.02. Akaphatikiza ndi 1.944 wa mabesi akufika pa 6.97. Cholakwika chimenechi sichiwirikiza yankho kawiri koma kanayi, chifukwa nambala yolakwikayo imalowa m'chiwerengerocho kawiri. Mmisiri wanu sanakubereni, wangophonya sitepe imodzi imene ana ambiri amaphonyanso m'kalasi mwanga.

Fosholo_Mmanja

Ife pa saiti za 3.14 sitizigwiritsa ntchito. Pilala la 250 timaliwerengera ngati la makona anayi, 0.25 × 0.25 × 3.2, n'kupeza 0.2, ndipo asanu ndi atatu ndi 1.6. Zotsalazo zimalowa m'malo mwa konkire yotayikira pansi pothira. Sindinaperewerepo ndi njira imeneyi.

Kapitawo_Wopuma

A Fosholo, simunaperewerepo chifukwa njira yanuyo imapitirira ndi zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo pa mapilala asanu ndi atatu okha mwaonjezera makyubiki mita 0.34, omwe ndi matumba pafupifupi atatu a mwini nyumba. Ngati simufuna kuvutika ndi kugawa pakati, pali njira yachidule imene ine ndinkaphunzitsa anyamata anga: werengerani ngati la makona anayi monga mwachitiramo, kenaka chulukitsani ndi 0.785. Pano 0.2 × 0.785 ikupereka 0.157 yemwe uja wapezedwa ndi aphunzitsi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mumagwiritsa ntchito kukula konse kwa paipi monga mwakuyezera ndi tepi, choncho simungagwe m'dzenje limene mmisiri wa a MwiniGolosale wagwamo.

Ziwerengero za aphunzitsi ndi zolondola, koma ndi za papepala, ndipo ndikupempha a MwiniGolosale kuti asapite nazo kokagula simenti asanachite zinthu ziwiri. Choyamba, yezani mkati mwa paipi. Nambala yolembedwa pa mapaipi ambiri a pulasitiki imanena za kunja, ndipo konkire imakhala mkati, kumene kumachepako malinga ndi kuchindikala kwa paipiyo. Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, tsikirani m'maenje onse ndi tepi n'kuyeza lililonse palokha, pansi pake penipeni osati pakamwa. M'zaka zanga zonse za ntchito sindinaonepo dzenje lokumbidwa ndi piki ndi fosholo limene linatuluka ndendende 900 kwa 900. Wokumba amafuna malo otembenukira, nthaka ya m'mbali imagumuka, ndipo ngati konkire ithiridwa molunjika m'dzenje popanda matabwa, imadzaza dzenje lonse, sidziwa zimene zalembedwa pa pulani. Dzenje likangokula n'kufika mita imodzi mbali zonse, besi limadya 0.3 m'malo mwa 0.243. Kusiyana kwa masentimita khumi kumeneku, kumene diso silikuona n'komwe, kumakweza konkire ya mabesi ndi maperesenti 23.

Wa_ku_Joni

Ine ndikuona ngati 7 uja akhoza kukhala wolondola. Nditamanga nyumba ya zipinda zitatu kumudzi, fawundeshoni yokha inadya makyubiki mita oposa 7, ndipo ngalande zake sizinali zazikulu kwenikweni. Kuno timangoimbira foni kampani ya konkire yosakaniza kale, galimoto n'kubwera kudzathira, ndipo nthawi zonse amatilangiza kuitanitsa yochulukirapo.

Fosholo_Mmanja

Achimwene, werenganinso funso. Inu mukunena za ngalande yoyenda pansi pa khoma lonse la nyumba, pamene pano tikukamba za timaenje tisanu ndi titatu totalikirana.

Wa_ku_Joni

Pepani, ndinawerenga mothamanga ndili pa ntchito. Ndasiya.

MwiniGolosale

Zikomo nonse. Ndipita kukayeza mawa m'mawa. Pakadali pano ndithandizeni kusandutsa makyubiki mita 3.2 amenewa kukhala matumba a simenti, mchenga ndi miyala, chifukwa kusitolo sagulitsa makyubiki a konkire.

MphunzitsiWaMasamu

Tikatenga kasakanizidwe kodziwika ka 1:2:4, ndiye kuti pali magawo asanu ndi awiri, ndipo simenti ndi gawo limodzi, mchenga magawo awiri, miyala magawo anayi. Tigawe 3.2 ndi 7, tipeza 0.457. Thumba la makilogalamu 50 limatenga malo okwana pafupifupi 0.035, choncho matumba ndi 13. Ndiponso ndikuganiza kuti tiyenera kuchotsapo malo amene zitsulo zidzatenge mkati mwa mapilala ndi mabesi, chifukwa pamene pali chitsulo sipakhala konkire.

Kapitawo_Wopuma

Aphunzitsi, apa ndiye ndikutsutsani mwaulemu, chifukwa matumba 13 adzatha ntchito ili pakati. Mukathira ndowa imodzi ya mchenga m'ndowa ziwiri za miyala n'kusakaniza, simupeza ndowa zitatu, chifukwa mchenga umalowa m'mipata ya miyala. Simenti nayo imalowa m'mipata ya mchenga, ndipo mukathira madzi n'kutsendera, zonse zimakhazikika pansi. N'chifukwa chake kuti mupeze kyubiki mita imodzi ya konkire youmbidwa mumafunika zouma zokwana pafupifupi 1.54. Ena amagwiritsa ntchito 1.5, ena 1.57, malinga ndi mtundu wa miyala ndi mchenga, koma palibe amene amagwiritsa ntchito 1.

Ndiye pa 1:2:4, gawani 1.54 ndi 7, mupeza simenti ya 0.22, yomwe ndi matumba 6.3 pa kyubiki mita iliyonse, pamodzi ndi mchenga wa 0.44 ndi miyala ya 0.88. Muonanso pamenepa kuti mmisiri uja kasakanizidwe amakadziwa bwino, chifukwa 6.97 kuchulukitsa ndi 6.3 ikupereka matumba 44 ake aja. Iye analakwitsa pa mapilala pokha.

Mapilala ine sindingawaumbe ndi 1:2:4 ngati konkire ikusakanizidwa ndi mafosholo pansi. Ndingatenge 1:1.5:3, yomwe imadya matumba pafupifupi 8 pa kyubiki mita, chifukwa pilala la 250 ndi lopapatiza, lili ndi zitsulo mkati, ndipo likufuna konkire yonona imene ingayende bwino n'kukuta chitsulo chilichonse popanda kuonjezera madzi. Tikawerengera motero kuchokera pa miyeso ya pa pulani, mabesi ndi 1.944, tionjezere maperesenti 10, tifika pa 2.14, yomwe ndi matumba 14. Mapilala ndi 1.256, tionjezere maperesenti 5 okha popeza paipi sifutukuka, tifika pa 1.32, yomwe ndi matumba 11.

Palinso chinthu chimene palibe wachitchula, chomwe ndi konkire yopyapyala yoyala pansi pa dzenje musanaike zitsulo, imene pa saiti timaitcha bulayindingi. Imakhala ya mamilimita 50 ndipo imasakanizidwa mopepuka, monga 1:3:6. Pa maenje anu ndi makyubiki mita pafupifupi 0.4, matumba awiri. Zonse pamodzi ndi matumba 27.

Za kuchotsapo malo a zitsulo, musadzivute nazo. Zitsulo zisanu ndi chimodzi za Y12, zomwe ndi za mamilimita 12, m'pilala la 250 zimatenga malo osafika maperesenti awiri, ndipo konkire imene imatsalira m'wilibala ndi pa mafosholo patsiku limodzi imaposa pamenepo.

MphunzitsiWaMasamu

Ndavomera pa nkhani ya 1.54, ndipo ndikuthokoza chifukwa chitsanzo cha ndowa chandimasula. Koma maperesenti 10 a mabesi aja sakundikhutiritsa. Inu nomwe mwanena kuti dzenje lokula ndi masentimita khumi limakweza konkire ndi maperesenti 23, ndiye 10 wachokera kuti?

Kapitawo_Wopuma

Wachokera ku chizolowezi basi, ndipo mwandigwira bwino. Ndi nambala yoyembekezera nayo tepi. A MwiniGolosale akabwera ndi miyeso yeniyeni ya maenje tidzaitaya.

Fosholo_Mmanja

Matumba 27 pa khonde lokha ndi ochulukabe. Ife 1:2:4 timaithira chonchi: thumba limodzi la simenti, mawilibala awiri a mchenga, mawilibala anayi a miyala. Ndi kathiridwe kameneka ntchito yonseyi ingathe ndi matumba 12 kapena 13, ndipo makonde amene ndinamanga zaka zapitazo alipobe mpaka lero.

Kapitawo_Wopuma

A Fosholo, zimene mwalembazi ndi zimene zimandidetsa nkhawa kuposa cholakwika cha mmisiri uja, chifukwa iye akanangosiya matumba otsala m'sitolo, pamene izi zimasiya mapilala ofooka pansi pa denga limene anthu amakhalapo. Manambala a 1:2:4 amanena za muyeso umodzimodzi pa zinthu zonse zitatu. Thumba la simenti ndi malita pafupifupi 35, pamene wilibala ya omanga yodzazidwa molingana ndi milomo imatenga malita pafupifupi 65, kutanthauza kuti wilibala imodzi ndi pafupifupi matumba awiri. Choncho thumba limodzi, mawilibala awiri ndi mawilibala anayi si 1:2:4 ayi, ndi pafupifupi 1:4:8, konkire imene ine ndingailole pa bulayindingi pokha. Kasakanizidwe keniweni ka 1:2:4 ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala, ndipo mawilibalawo asaunjikidwe ngati chulu.

Makonde anu alipobe chifukwa denga la malata ndi lopepuka ndipo konkire yofooka imatha kulinyamula kwa nthawi. Vuto limadzaonekera m'munsi mwa pilala, pamene madzi a mvula amadonthera: chinyezi chimalowa mosavuta m'konkire yosowa simenti, zitsulo zimachita dzimbiri n'kutupa, ndipo konkire imayamba kung'ambika motsatira chitsulo. Mukafuna kudziwa msanga, tengani msomali wa mainchesi anayi mukande pilala limene latha mwezi. Ngati mchenga ukuyoyoka ndipo miyala ikuzuka ndi msomali, simenti inachepa.

Kwa amene alibe chikhulupiriro ndi wilibala, uzani kalipentala akukhomereni bokosi lopanda chivundikiro la mamilimita 300 kwa 300 mkati ndi 385 kuya kwake. Bokosi limenelo ndi thumba limodzi ndendende, ndipo wothira amangowerenga mabokosi awiri a mchenga ndi anayi a miyala.

Fosholo_Mmanja

Za kukula kwa wilibala ndazimva ndipo sindikukana. Komabe eni nyumba ambiri amene timawagwirira ntchito akamva matumba 27 amakafuna mmisiri wina amene anene 15, ndipo ntchito imatipita. Pamenepo a Kapitawo simunatiuze chochita.

MayiWaKuDambo

Ndiloleni ndifotokoze zimene zinandichitikira, chifukwa zikugwirizana ndi za maenje. Ine ndinamanga shedi ya chigayo yokhala ndi mapilala asanu ndi limodzi, pamalo a nthaka ya makande pafupi ndi dambo. Maenje anakumbidwa Lachisanu, ndipo tinagwirizana zothira konkire Lolemba, koma mvula inagwa Loweruka usiku wonse. Pofika Lolemba m'mbali mwa maenje munali mutagumuka ndipo pansi panali matope okhaokha. Anyamata anachotsa matopewo mpaka kufika pa nthaka yolimba, zomwe zinali zoyenera, koma maenje anatuluka akulu ndi akuya kuposa kale. Mmisiri sanayezenso, anangoyamba kuthira. Simenti imene tinagulira mabesi onse asanu ndi limodzi inatha tili pa besi lachisanu, ndipo iye, posafuna kundiuza, anatenga matumba a mapilala n'kumalizira. Ndinadzazindikira tsiku loumba mapilala, pamene anayamba kuonjezera miyala ndi mchenga kuti matumba otsalawo akwanire. Pilala limodzi titachotsa paipi linali ndi mabowo ngati chisa cha njuchi m'munsi monse, zitsulo zikuonekera, ndipo tinaligwetsa n'kuumbanso.

Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti matumba a mabesi ndi a mapilala aziikidwa padera, ndipo mwini ntchito aziwerenga mapepala a matumba otha madzulo aliwonse. Besi limodzi la a MwiniGolosale liyenera kudya thumba limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Mabesi awiri oyamba akadya matumba anayi, aimitse ntchito n'kufufuza chifukwa chake nthawi yomweyo, asadikire kuti adzaone pa besi lomaliza.

Ndifunsenso ngati mabesi a 900 ndi okwanira, chifukwa kwathu kuno injiniya anatiuza kuti tikulitse.

Kapitawo_Wopuma

Mayi, langizo lanu lowerenga matumba pa mabesi awiri oyamba ndi labwino kuposa ziwerengero zonse zimene talemba pano. Koma za mabowo a m'pilala lanu, kuchepa kwa simenti mwina sikunali chifukwa chokhacho. Konkire ikaponyedwa kuchokera pamwamba pa paipi ya mamita atatu, miyala imathamanga n'kukafika pansi yokha, phala la simenti n'kutsalira pa zitsulo ndi pa maringi. Komanso ngati m'munsi mwa paipi simunatsekedwe bwino pamene yakhudza besi, madzi a simenti amatulukira pamenepo n'kusiya miyala yokhayokha. N'chifukwa chake timaumba kaye kachitsa kakafupi pamwamba pa besi kuti paipi ivale, timamata m'mphepete, ndipo timathira pang'onopang'ono kwinaku tikusinja ndi chitsulo ndi kugogoda paipi ndi thabwa. Ena amaboola kawindo pakati pa paipi kuti theka la m'munsi lithiridwe kuchokera pamenepo.

Funso la kukula kwa besi sindingaliyankhe ndili kuno, chifukwa limadalira nthaka ya pamalopo ndi katundu amene pilala lidzanyamule. Makande amatupa nthawi ya mvula n'kung'ambika m'chilimwe, ndiye injiniya wanu anali ndi chifukwa. A MwiniGolosale ali ndi pulani, ndipo ife tikungowerengera konkire ya zimene zajambulidwapo. Ndingowachenjeza kuti ngati ali ndi maganizo odzaika chipinda pamwamba pa khondelo m'tsogolo, abwerere kwa wojambula pulani asanathire kanthu.

MwiniGolosale

Ndabwera ndi miyeso. Mkati mwa mapaipi ndi mamilimita 240, osati 250. Maenje asanu ndi pafupifupi 0.95 kwa 0.95, ndipo atatu a mbali ya kumsewu, kumene nthaka ndi yamchenga, ndi pafupifupi 1.05 kwa 1.0. Kuya kwake n'kofanana ndithu, chifukwa mmisiri anagwiritsa ntchito levulo ya kapaipi ka madzi. Ndamuonetsanso za 0.125 zija ndipo anaseka n'kuvomera kuti anatenga kukula konse kwa paipi. Za chipinda chapamwamba ndilibe nazo maganizo.

MphunzitsiWaMasamu

Tiwerengerenso ndi miyeso yeniyeniyi. Pa mapilala, 0.24 × 0.24 × 0.785 × 3.2 ikupereka 0.145, ndipo onse pamodzi ndi 1.16, kutsika kuchoka pa 1.256. Sentimita imodzi yokha ya paipi yachotsa pafupifupi thumba lathunthu, ndipo tikaonjezera maperesenti 5 aja tikupeza 1.22, yomwe ndi matumba 10. Pa mabesi zinthu zapita mbali ina. Maenje asanu aja ndi 0.95 × 0.95 × 0.3, yomwe ndi 0.271 lililonse, pamodzi 1.354. Atatu aja ndi 1.05 × 1.0 × 0.3, yomwe ndi 0.315 lililonse, pamodzi 0.945. Onse akukwana makyubiki mita 2.3, kuposa 1.944 wa pa pulani ndi maperesenti 18. Amenewa ndi matumba 14.5 tisanaonjezere yotayika, choncho maperesenti 10 a a Kapitawo akanaperewera.

Kapitawo_Wopuma

Akanapereweradi, ndipo n'chifukwa chake ndinaumirira za tepi. Tsopano pali njira ziwiri. Mukhoza kuthira modzaza maenje monga aliri, n'kugula matumba 15 kapena 16 a mabesi. Besi lokulirapo silivulaza nyumba, bola zitsulo ziikidwe pakati pa malo oyenera pilala osati pakati pa dzenje, chifukwa dzenje lokula mbali imodzi limasocheretsa diso ndipo pilala likhoza kuchoka pa mzere. Njira ina ndi kukhoma mabokosi a matabwa a 900 kwa 900, kuwaika pamwamba pa bulayindingi, n'kubwerera ku matumba 13. Pa ntchito yaing'ono ngati iyi ine ndingakhome bokosi la maenje atatu aakuluwo okha, kapenanso kungoyala njerwa zosamata m'mbali n'kuthira dothi kumbuyo kwake, asanuwo n'kuwadzaza monga aliri.

Ikaninso chizindikiro cha pamene konkire ilekezere. Khomani kachitsulo m'mbali mwa dzenje lililonse pa mamilimita 300 kuchokera pamwamba pa bulayindingi. Popanda chimenechi anyamata amathira mpaka diso litakhutira, ndipo masentimita atatu okha opitirira pa besi lililonse ndi maperesenti ena khumi.

Fosholo_Mmanja

Matabwa ndi misomali ndi tsiku la kalipentala zingadye ndalama zoposa matumba awiri amene mukufuna kupulumutsawo. Ine ndingadzaze maenje onse.

MayiWaKuDambo

Ndikugwirizana ndi a Fosholo pa mtengo, koma pa nthaka yamchenga ya kumsewuko bokosi lili ndi ntchito ina, yoletsa dothi kugumukira m'konkire pamene mukuthira. Dothi likalowa pakati pa besi palibe amene adzaliona.

MwiniGolosale

Nanga mchenga ndi miyala ndiitanitse zochuluka bwanji? Oyendetsa malole kuno amangonena kuti tiripi imodzi, osatchula makyubiki.

Kapitawo_Wopuma

Tikatenga mabesi a 2.4 kuphatikizapo yotayika, mapilala a 1.22 ndi bulayindingi ya 0.4, miyala ikukwana makyubiki mita pafupifupi 3.5 ndipo mchenga pafupifupi 1.8. Mchengawo itanitsani woposa 2, chifukwa mchenga wonyowa pang'ono, monga umene wangochotsedwa kumtsinje, umafufuma ndipo umaoneka wambiri kuposa mmene ulili, nthawi zina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kufufuma komweko kumasokonezanso muyeso wa bokosi, choncho ngati mchenga ukugwirana mukaufinya m'manja, onjezerani pang'ono m'bokosimo n'kuchepetsako madzi. Madzi asapitirire kwambiri malita 25 pa thumba.

Za tiripi, kwerani m'lole ndi tepi yanu yomweyo. Yezani utali ndi m'lifupi mwa bodi, salazani miyala, yezani kuya kwake, n'kuchulukitsa zitatuzo monga tachitira ndi besi. Kyubiki mita imodzi ya miyala ya kwale imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndiye miyala yanu ndi matani oposa asanu pang'ono, ndipo kalole ka matani atatu kayenera kuyenda kawiri ngakhale woyendetsa atanena zotani. Nenani momveka kuti mukufuna miyala ya mamilimita 20, chifukwa ikuluikulu yoswa ndi hamala imakakamira pakati pa chitsulo ndi paipi. Pogula simenti yang'anani nambala ya pa thumba, ikhale 32.5 kapena 42.5. Yolembedwa 22.5 ndi yomangira njerwa ndi kupakira pulasitala, ndipo ziwerengero zonse zimene tachita pano sizikuikhudza.

MphunzitsiWaMasamu

Pali funso limodzi limene latsala m'maganizo mwanga. Ngati pulani inati pilala likhale la mamilimita 250 ndipo paipi ikupereka 240, kodi maringi a zitsulo anapindidwa potengera nambala iti? Ngati anatengera 250, ndiye kuti konkire yokuta zitsulo yachepa ndi mamilimita asanu mbali iliyonse.

MwiniGolosale

Pulani yangoti paipi ya 250, sinanene ngati ndi kunja kapena mkati. Maringi apindidwa kale ndipo ndawayeza, ndi mamilimita 170 kunja kwake, ndiye pakutsala 35 mbali iliyonse. Mmisiri akuti n'zokwanira, koma ndamuimbira wojambula pulani kuti atsimikize ndipo sanandiyankhebe. Pakadali pano ndagula matumba 17 a bulayindingi ndi mabesi, ndipo maenje atatu a kumsewu tiwatchingira ndi njerwa monga a Kapitawo ananenera. Matumba 10 a mapilala ndidzagula mabesi akatha, kuti asadzasakanikirane ngati mmene zinachitikira kwa mayi a kudambo.

Fosholo_Mmanja

Gulani 11. Pilala lomaliza likaperewera ndi ndowa ziwiri masana a Loweruka, sitolo itatsekedwa, mudzalimaliza Lolemba ndipo mzere wolumikizira udzaonekera pamwamba pake mpaka kale.